Dzina Limene Ndinalidumpha

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire, ngati kumeneko tingakutche kudzuka, pakuti ndinangosinza chokhala nditatsamira nkhokwe. Munali mu Julaye, chaka cha 1994, m'mudzi mwathu m'dera la Mwase Lundazi. Moto umene amuna tinachezera usiku wonse unali utatsala makala okhaokha, ndipo anthu anali atagona mozungulira, aliyense atadzikulunga m'bulangete mpaka kumutu. M'nyumba ya siwa amayi ankaimbabe, koma mawu awo anali atasasa. Chifunga chinali chitatsika kwambiri moti khola la ng'ombe, limene lili pafupi pomwepo, silinkaoneka. Ndinkangomva ng'ombezo zikupuma.

Amene tinkaika tsiku limenelo anali akulu anga a Yotamu, mwana wa malemu bambo aakulu. Anadwala miyezi isanu ndi itatu, chifuwa ndi kuwonda, mpaka munthu amene ankanyamula yekha belo la fodya anafika potembenuzidwa pamphasa. Zaka zimenezo tinkaika anthu a msinkhu wathu pafupipafupi, ndipo matendawo palibe ankawatchula dzina. Anasiya mkazi, alamu anga a NyaZimba ochokera kwa Kapichila, ndi ana atatu.

Ntchito yanga tsikulo inali imodzi: kuimirira pamaso pa anthu ndi kuthokoza m'malo mwa banja. Kwathu wofedwa weniweni salankhula yekha, amamulankhulira wachibale wapambali. Kwa zaka zambiri wolankhulira banja la a Nyirenda anali bambo anga, koma chaka chapitacho matenda anawapinda pakamwa ndi kuwaumitsa mkono. Akuluakulu anangoti, "Alankhule Eliya, mphunzitsi sasowa mawu." Ankaganiza kuti munthu amene amakalipira ana makumi asanu ndi limodzi tsiku ndi tsiku angaopenso chiyani. Sankadziwa kuti ana asukulu sasunga mawu ako zaka khumi, pamene anthu a pamaliro amasunga.

Bambo anandiitanira kuseri kwa nyumba yawo kusanache, nandiphunzitsa ndondomeko yake. Mawu awo ankatuluka movutikira, choncho ankawerenga ndi zala za dzanja lamoyolo. Uvule chipewa, unjute, uwombe m'manja. Unene kuti ukulankhulira ndani, kuti anthu adziwe kuti mawuwo si ako. Uyambe ndi mafumu amene anapereka malo a manda, kenako mpingo, kenako adzukulu okumba manda, amayi a kumoto, onse obwera ndi ufa ndi nkhuni, ochokera kutali, ndi akuchikazi. Potsiriza uthokoze amene anadwazika matenda, pomutchula dzina. Upepese pa zimene zaperewera, unene tsiku lometa, ukhale pansi. Usatchule chimene chinapha munthu, usakhudze za katundu, ndipo usatalikitse mpaka munthu wonjuta asinthe mwendo.

Ndinawafunsa chifukwa chake wodwazika amabwera kumapeto. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. Anati anthu onse ena amadziwa kale kuti athokozedwa, koma dzina lomalizalo ndi limene khamu lonse limadikira, chifukwa ndi pamene banja limanena ngati lili ndi mtima woyera ndi munthu amene anali pafupi ndi womwalirayo.

Nditachoka pamenepo ndinakumana ndi ankhazi, ndiye kuti mlongo wa bambo. Anali ataima panjira yopita kubafa, atafunda chitenje chakuda, ndipo zinali zoonekeratu kuti ankadikira ine. Mayi amenewa ndi amene anandilera amayi anga atamwalira. Anandiphunzitsa kutsuka m'kamwa ndi kupemphera, ndipo ngakhale ndinali ndi ndevu ndi ana awiri, akandiitana ndi dzina mawondo anga ankakumbukabe kugwada.

"Eliya," anatero motsitsa mawu, "ukaimilila paja, ule mwanakazi usamutchule. Mwana wathu anali bwinobwino asanabwele uyo. Wamva?"

Ndinayesa kunena kuti ankhazi, anthu onse anaona mmene alamu anavutikira. Anangondigwira padzanja, zala zawo zili zizirizi, nati, "Nakulela ine," basi n'kumapita.

Ndinkadziwa tanthauzo lake. Wodwazika akapanda kuthokozedwa, palibe amafunsa chifukwa, aliyense amamva kuti banja lamuloza chala. Ndiye pa tsiku lometa, achibale akakhala pansi, a NyaZimba akanauzidwa kuti abwerere kwawo kwa Kapichila. Ana akanatsala, pakuti ng'ombe za malowolo zinaperekedwa kalekale, ndipo palibe akanaikira mayi wawo kumbuyo. Koma banja likathokoza munthu pamaso pa mafumu ndi mpingo, silingabwezenso mawu ake mawa. Wamng'ono mwa anawo anali atangosiya kumene kuyamwa. Ndinkadziwanso, monga ankadziwira amuna ambiri amene anagona pamoto paja, kuti akulu anga akapita kukagulitsa fodya ku Chipata sankagona kwa achibale.

Kunja kunayera koma dzuwa silinatuluke. Amayi anayatsa moto m'mafuwa kuseri kwa nyumba, mizere itatu, ndipo utsi m'malo mokwera unkangoyenda pansi n'kusakanikirana ndi chifunga. Anthu anayamba kufika. Unkayamba kumva kulira kwa amayi chapatali, kenako belu la njinga, kenako anthuwo n'kutulukira mwadzidzidzi pafupi nawe ngati achita kumera. Ena anasenza mitolo ya nkhuni, ena malichero a ufa, mayi wina wokalamba anabwera ndi maungu awiri okha atawakumbatira ngati ana. Akuchikazi anafika pa ngolo ya ng'ombe, nakhala paokha pansi pa mtengo wa mango. Adzukulu anabwerako kumanda miyendo ili mbuu, akuseka ndi kulanda nkhuku imene inalakwitsa njira, monga mwa ufulu wawo.

Bokosi analitulutsa cha m'ma teni koloko. Amuna anayi analinyamula ngati akunyamula mpando, ndipo wina ndinamumva akunong'oneza mnzake kuti matabwa ndi amene akulemera. Analiika pa mphasa pakati pa bwalo. A NyaZimba anakhala kumutu kwake atafunditsidwa chitenje, amayi awiri atawagwirira. Misozi inali itawathera masiku awiri apitawo, ankangogwedezeka pang'onopang'ono.

Mkulu wa mpingo amene ankayendetsa mwambo anaitana wonena mbiri ya malemu, ndipo atatha anati tsopano timve mawu a banja. Ndinavula chipewa, ndinanjuta, ndinawomba m'manja katatu. Bambo anali atawakhazika pa mpando kutsogolo, ndodo ili pakati pa miyendo. Ankhazi anali pakhomo la nyumba, pamalo poti ndikakweza maso ndiwaone.

"Zikomo mafumu, zikomo mpingo, zikomo amayi ndi abambo," ndinayamba nditaimirira. "Mawu awa si anga, ndangotumidwa ndi banja la a Nyirenda. Ife patokha sitikanatha. Mafumu, mwatipatsa malo oti m'bale wathu akagone, tikuti yewo."

Anthu anayankha ndi kuwomba m'manja kofewa kuja, kwa manja opindika, ndi kung'ung'udza kuti yewo, yewo. Ndinathokoza a mpingo amene anaimba mausiku awiri osagona. Ndinathokoza adzukulu amene analimbana ndi nthaka youma ya mwezi uno kuyambira mbandakucha, ndipo mmodzi wa iwo anakuwa kuti yewo sakhutitsa, anthu n'kuseka pang'ono. Ndinathokoza amayi a kumoto, otunga madzi, obwera ndi ufa ndi nkhuni ndi ndiwo, ndi amene anapalasa njinga kuchokera kumalire a nkhalango ya Lukusuzi m'chisanu chotere. Gulu lililonse ndikalitchula, manja ankayankha. Ndinathokoza akuchikazi chifukwa chobwera, nawonso anawomba. Mpaka pamenepo ndinkayenda bwino, ndipo ndinayamba kudzimva kuti ndine mwana wa bambo anga.

Kenako ndinafika pa dzina lomaliza. Bwalo lonse linakhala chete, ngakhale amayi a kumoto anaimitsa mithiko. Ndinakweza maso ndipo ndinaona ankhazi. Ndinachita zimene amachita munthu wamantha amene anapitako kusukulu: ndinafunafuna mawu oti aphimbe mbali zonse. Ndinati, "Ndiponso onse amene anathandizapo pa matenda, m'njira zosiyanasiyana, Mulungu akudalitseni." Ndinapepesa pa zoperewera, ndinanena kuti kumeta kudzakhala Loweruka, ndipo ndinakhala pansi.

Palibe anawomba m'manja. Ndinamva ndodo ya bambo ikugunda pansi kawiri. Pansi pa mango paja, mchimwene wa a NyaZimba anayang'ana mnzake, kenako anayang'ana pansi. Alamu anga sanadzutse mutu, koma anasiya kugwedezeka kuja. Mkulu wa mpingo anadikira pang'ono ngati akundipatsa mpata, ndipo ataona kuti ndakhala duu, anayambitsa nyimbo. Ulaliki wonse sindinaumve. Manyazi anandigwira, komabe ndinkadziuza kuti sindinaname, mawu akuti onse akuphatikiza aliyense.

Manda athu ali kutsidya kwa dambo, m'kankhalango ka mitengo ya masuku. Tinanyamuka cha m'ma thwelofu, chifunga chisanachoke, chinthu chimene sindinachionepo masana otero. Adzukulu anatsogola, bokosi pambuyo pawo, kenako amayi a mpingo ovala zoyera, kenako ife tonse. Amuna ankalandizana bokosi akuyenda, monga timachitira, wina akalowa wina n'kutuluka. Bambo anawakweza pa njinga, munthu wina akukankha.

Titatsikira kudambo, pamphambano pamene njira ya kumanda imasiyana ndi ya kuchitsime, ndinaona kuti kutsogolo kwachedwa. Anthu anayamba kuunjikana. Onyamula anayi aja anali atawerama, ndipo ena awiri analowa kuwathandiza. Anayenda mapazi atatu. Analowanso ena awiri, kukhala asanu ndi atatu, amuna olima fodya, a mapewa ngati ng'ombe zapagoli. Ndinaona mawondo awo akunjenjemera ndi mitsempha ya m'khosi itatuluka. Wina anakuwa kuti yalani, yalani, ndipo amayi anavula zitenje n'kuyala msangamsanga kuti bokosi lisakhudze dothi. Nyimbo inazima mzere ndi mzere kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo.

M'dambomo munali zii. Kunalibe mphepo, kunalibe mbalame. Mkulu wa mpingo anapemphera, ndipo amuna ena atsopano anayesa. Bokosi linangosuntha pang'ono n'kukhalanso. Ine ndimaphunzitsa ana za kulemera kwa zinthu, choncho ndinadzipanikiza pakati pawo n'kugwira chogwirira cha kumutu, ndili ndi maganizo oti mwina anthuwa angogwidwa ndi mantha. Ndinakoka ndi mphamvu zanga zonse. Zinali ngati ndikukoka chitsa chimene mizu yake ikadali m'nthaka. Ndinasiya.

Pamenepo manong'onong'o anayamba. Maliro akukana. Akukana chifukwa chiyani? Ndinaona mitu ikutembenuka umodzi umodzi kuyang'ana kumene kunaima a NyaZimba. Amayi awiri amene ankawagwirira aja anawasiya n'kusuntha pang'ono, ndipo panatseguka malo mozungulira iwo. Anthu anali atamva bwino lomwe zimene ndinasiya kunena pabwalo paja, tsopano ankaona ngati womwalirayo akuvomereza. Ankhazi analankhula mokweza kuti aliyense amve: "Mwaona? Mwana wathu afuna tidziwe." Mnyamata wina wamkulu ndithu anawerama n'kutola chibuma. Achimwene awo a alamu anayamba kukankha anthu kuti afike pafupi ndi mlongo wawo. Ndinazindikira kuti nkhani sinalinso ya kubwerera kwa Kapichila Loweruka, zikanatha kuthera pomwepo m'dambomo.

Mkulu wa adzukulu, bambo wina wamfupi wa mano awiri amene m'mawa ankathamangitsa nkhuku, anabwera pamene ndinaima. Nthabwala zinali zitamuthera. Anandiyang'ana kuchokera kumapazi mpaka kumutu.

"Aticha," anatero, "ife takumba manda yambili. Munthu sakana ulendo popanda cifukwa. Mau yanu yaja, munamaliza?"

Ndinayang'ana kwa bambo. Anali akali pa njinga paja, pakamwa pawo pakugwedera, akuyesa kutulutsa mawu amene sankatuluka. Anakweza dzanja lamoyolo n'kundionetsa chala chimodzi.

Mawu othokoza ali ndi malo ake, sanenedwa panjira, choncho ndinayenera kuyamba ndapempha. Ndinavula chipewa, ndinanjuta m'udzu wonyowa, ndinawomba m'manja. Manjawo ankamveka okha m'dambo monsemo. Ndinati, "Mafumu, pepani. Mpingo, pepani. Ndinatumidwa ndi banja ndipo ndinasiya mawu panjira. Ndiloleni ndimalize." Mmodzi wa mafumu anagwedeza mutu. Ankhazi anati, "Eliya!" ndi liwu lomwe lija la ndili mwana, koma ulendo uno sindinayang'aneko.

Ndinaimirira n'kutembenukira kwa alamu anga. "A NyaZimba, banja la a Nyirenda likuthokoza inu. Miyezi isanu ndi itatu munadwazika m'bale wathu. Munamukankha pa njinga kupita naye kuchipatala mvula ikugwa. Munamumwetsa phala ndi supuni pamene m'kamwa munali zilonda. Munachapa zofunda zake kuchitsime uko anthu asanadzuke kuti asachite manyazi. Ife abale ake tinkabwera kudzaona n'kubwerera kwathu, inu munalibe kobwerera. Tilibe nanu chifukwa. Yewo chomene, amama."

Sizinatenge nthawi yoti munthu asinthe mwendo. Kwa kanthawi panalibe chimene chinachitika. Kenako ndinamva kuwomba kwachilendo, kogontha: anali bambo, akumenya dzanja lawo lamoyo pa ntchafu. Mayi wa maungu uja anatsatira, kenako amayi a mpingo, kenako dambo lonse. Mnyamata uja anagwetsa chibuma chake mwakachetechete. A NyaZimba anagwada pansi n'kulira kulira kumene sindinakumvepo, kotuluka m'mimba, akuitana mwamuna wawo ndi dzina la mwana woyamba. Amayi awiri aja anabwerera n'kuwagwira.

Mkulu wa adzukulu analoza amuna anayi okha. Anagwira, anakonzeka kulimbana nalo, ndipo atakoka anatsala pang'ono kugwa chagada, chifukwa bokosi linanyamuka ngati mmene linanyamukira m'mawa. Amayi anatola zitenje zawo n'kuzikutumula, nyimbo inayambanso, ndipo tinawoloka dambo. Pambuyo pake ena ankati adzukulu anapangana kuti andiphunzitse mwambo, ndipo ndikanakonda kuti zikhale choncho, chifukwa zimenezo ndikanatha kuzifotokoza. Koma chogwirira chija ndinachigwira ndekha, ndipo chikhatho changa chinakhala ndi mzere wofiira masiku atatu.

Kumanda zonse zinayenda mofulumira. Anatsitsa bokosi ndi zingwe, anayala mphasa ndi timitengo, tinaponya dothi, adzukulu anakwirira mosinthanasinthana. A NyaZimba anaika nkhata yawo ya maluwa oyamba, ndipo palibe anawaletsa. Tikubwerera, anthu polambalala pamphambano paja ankaponda m'mbali, kupewa pamene bokosi linagoneka udzu. Kunyumba tinasamba m'manja pa mtsuko wa pakhomo, anthu anadya m'magulumagulu, ndipo njinga zinayamba kuchoka. Achimwene awo a alamu anandigwira chanza nthawi yaitali, kenako anamanga ng'ombe zawo pa ngolo. Ankhazi sanandilankhule, ndipo nditawapatsa moni anayang'ana kumbali. Zinandipweteka kwambiri, sindibisa, pakuti mayi amenewa ndinkawakonda.

Madzulo pakhomo panatsala ife eni ake. Mafuwa anali atazizira, pabwalo pali phulusa ndi mapazi a anthu. Ndinakhala pakhonde ndi bambo, ndipo nyumba ya malemuyo inali phee, moti ndinazindikira kuti khutu langa linkadikira chifuwa chimene tinachizolowera. Ankhazi anali pamphasa pafupi ndi chitseko, ana atatu aja atawaunjikira pambali pawo. Kuyambira tsiku la imfa sanalole kuti anawo ayandikire mayi wawo.

Dzuwa litangolowa ndinaona a NyaZimba akuchokera kukhitchini atanyamula beseni la madzi ofunda, kansalu kali paphewa. Anayenda molunjika kuchipinda chimene munkagona wodwala, monga ankachitira nthawi imeneyo tsiku lililonse. Atafika pakhomo la chipindacho anaima. Anaima nthawi yaitali, nthunzi ikukwera kumaso kwawo, osalowa, osabwerera. Tonse tinkangowayang'ana.

Amene analankhula anali ankhazi. Sanakweze maso, ndipo mawu awo anali okalipa ngati kale. Anakankha wamng'ono uja pamsana kuti aimirire, nati, "Madzi yazazizila ayo. Tenga ŵana ŵako uŵasambike."

Kamwanako kanathamanga n'kukakumbatira miyendo ya mayi wake, madzi n'kutayikira pang'ono pansi. Enawo anatsatira. Ine ndi bambo tinakhalabe pakhonde mpaka mdima, tikumvetsera anawo kuseri kwa nyumba akukangana kuti ayambe kusamba ndani.